Foni yadzadza, koma mukufuna podikasiti ya pa ulendo

Pabokosi la foni pamalembedwa 16 GB kapena 32 GB, koma malo onsewo sakhala anu. Android imatengako gawo lake foni isanatuluke m'sitolo, mapulogalamu obwera nayo amatengakonso, kenako WhatsApp imayamba kuunjika zithunzi za ukwati, mavidiyo a m'gulu la tchalitchi ndi mavoisi a achibale. Pakatha chaka foni imayamba kuonetsa uthenga woti "Storage space running out", ndipo mwini wake amangoti sipesi yatha. Foni yotereyi imatha ndithu kusunga mapodikasiti okwanira sabata yathunthu, omvera popanda netiweki, bola munthu adziwe kukula kwa chinthu asanachitsitse, ndiponso asasunge chimene wamva kale.

Podikasiti ndi pulogalamu ya mawu yonga ya pa wailesi, koma yoikidwa pa intaneti m'magawo, kuti aliyense amvere nthawi imene akufuna. Chimene ambiri sadziwa n'choti mapodikasiti ochuluka sakhala m'kati mwa Spotify kapena apu ina iliyonse. Wopanga podikasiti amaika mafayilo ake a mawu pa kompyuta ina ya pa intaneti, kenako amafalitsa kafayilo kamodzi ka malemba kotchedwa fidi ya RSS. Kafayiloka ndi mndandanda chabe: dzina la podikasiti, mitu ya magawo, masiku amene anatuluka, ndi adiresi ya pamene fayilo ya gawo lililonse ili. Mapulogalamu omvera mapodikasiti amawerenga mndandanda womwewo. Mukakhala ndi adiresi ya fidi, simudalira apu imodzi. Google itatseka apu yake ya Google Podcasts mu 2024, mapodikasiti amene anthu ankamvera mmenemo sanafe nayo, chifukwa mafidi ake anali kwina ndipo ankagwirabe ntchito.

Adiresi ya fidi imaoneka ngati adiresi ina iliyonse ya pa intaneti, ndipo nthawi zambiri imathera ndi .rss, .xml kapena /feed. Ya Global News Podcast ya BBC ndi iyi:

```
https://podcasts.files.bbci.co.uk/p02nq0gn.rss
```

Pa tsamba la podikasiti, fufuzani mawu oti RSS kapena kachizindikiro kachikasu kofiirira kokhala ndi kadontho ndi mizere iwiri yokhota. Musangokadina n'kuchoka, kanikizani chala pamenepo mpaka patatuluka zosankha, ndiye musankhe "Copy link address". Pano ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Linki imene mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp yoyamba ndi open.spotify.com kapena youtube.com si fidi ayi, ndi tsamba la kampaniyo, ndipo apu ya mapodikasiti mukaipatsa linki yotero imakana. Palinso mapodikasiti ena amene eni ake anawatsekera mu apu imodzi basi. Amenewo alibe fidi yoti wina aliyense aitenge, ndipo njira imene tikukambiranayi siwakhudza.

Mndandanda umanena kukula kwa fayilo

Mukatsegula adiresi ya fidi mu Chrome, mumaona malemba ambirimbiri opanikizana, okhala ndi timipata ta < ndi >. Pa mafoni ena kafayiloko kamangotsika m'malo motseguka. Musachite nawo mantha malembawo, pakuti m'gawo lililonse mizere yofunika ndi itatu yokha. Nachi chitsanzo chopeka, cholembedwa mmene zenizeni zimalembedwera:

```
<item>
  <title>Gawo 112</title>
  <enclosure url="https://example.com/gawo112.mp3"
    length="43251200" type="audio/mpeg"/>
  <itunes:duration>45:03</itunes:duration>
</item>
```

Mzere wa `enclosure` ndiwo mtima wa nkhani yonse. `url` ndi pamene fayilo ya mawu ili. `length` si kutalika kwa nthawi, koma kukula kwa fayilo m'mabayiti; mukachotsa manambala 6 omaliza mumatsala ndi ma MB, ndiye apa ndi 43 MB. `type` imanena mtundu wa fayilo. Ikakhala `audio/mpeg` ndi MP3, imene imalira pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani. Ikakhala `video/mp4` imani kaye, chifukwa podikasitiyo ndi ya kanema, ndipo gawo limodzi likhoza kudya malo amene akanakwanira magawo angapo a mawu okha. Mapodikasiti ena ali ndi mafidi awiri, wa kanema ndi wa mawu, ndiye fufuzani wa mawuwo.

Chimene chimachititsa kuti mphindi 45 zikhale 43 MB ndi nambala yotchedwa bitireti, yosonyeza kuchuluka kwa deta imene sekondi iliyonse ya mawu imatenga. Mapodikasiti ambiri amapangidwa pa 128 kbps. Mukagawa 128 ndi 8 mumapeza 16 KB pa sekondi, zomwe ndi 960 KB pa mphindi, kapena pafupifupi 58 MB pa ola. Choncho lamulo losavuta kukumbukira n'loti mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB. Podikasiti yopangidwa pa 64 kbps imadya theka lake, 29 MB pa ola, ndipo ngati ndi anthu akungocheza popanda nyimbo, khutu silimva kusiyana kwenikweni, makamaka m'minibasi. Pali ena amene amatulutsa magawo pa 192 kbps, mwina chifukwa choganiza kuti aliyense ali ndi foni ngati yawo. Kumeneko ola limodzi ndi 86 MB.

Nambala ya `length` musailumbirire. Mapodikasiti amene amalowetsa malonda m'gawo pa nthawi imene mukutsitsa amakupatsani fayilo yosiyana pang'ono ndi imene yalembedwa, ndipo mafidi ena amangolemba 0 kapena nambala yongodzazira malo. Zikatero gwiritsani ntchito nthawi ya gawolo: mphindi 45, muwerengere 45 MB, ndipo simudzaphonya kutali.

Sikuti tsiku lililonse muzikhala mukuwerenga malemba a fidi. Apu yabwino imawawerenga yokha n'kukuonetsani kukula kwa gawo pafupi ndi mutu wake. Koma munthu amene anaonapo kamodzi zimene zili m'katimo savutika kumvetsa chimene chalakwika tsiku limene apu yakana.

Pa Android ndimalimbikitsa AntennaPod. Ndi yaulere, ilibe malonda ake, safuna kuti mutsegule akaunti, ndipo imapezeka pa Google Play ndi pa F-Droid. Payokha sitenga malo ambiri, chimene ndi chofunika pa foni imene ikupuma movutikira kale. Mukaitsegula pitani pa "Add podcast", musankhe "Add podcast by RSS address", muike adiresi munakopa ija, kenako mudine "Subscribe". Apu itsitsa mndandanda wokha ndi chithunzi cha podikasiti. Palibe gawo limene latsika panthawiyi. Amene ali ndi iPhone angachite zomwezi mu apu ya Podcasts posankha "Follow a Show by URL".

Musanatsitse kanthu, lowani mu "Settings", m'chigawo cha "Downloads". Mayina a zosankha amasinthasintha pang'ono apu ikamakonzedwa, koma zinthu zake ndi zomwezo. Choyamba ndi kutsitsa kochitika pakokha, "Automatic download". Pa foni ya malo ochepa chisiyeni chozima. Global News Podcast imatulutsa magawo awiri pa tsiku m'kati mwa sabata, lililonse pafupifupi theka la ola. Tiyerekeze kuti gawo lililonse ndi 29 MB: kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ndi magawo 10, 290 MB, ndipo pakutha pa mwezi mwadutsa 1 GB ndi podikasiti imodzi yokha, magawo ambiri musanawamve n'komwe. Chachiwiri ndi chosankha chofufuta gawo mukamaliza kulimvera, chimenecho chiyatseni. Dziwani kuti apu imawerengera gawo kuti latha pokhapokha lafika kumapeto kapena pafupi kwambiri ndi kumapeto. Amene amasiya gawo patatsala mphindi zisanu chifukwa kwayamba zothokoza ndi malonda adzapeza fayiloyo idakali m'foni, ndipo ayenera kuifufuta ndi dzanja pa tsamba la "Downloads". Chachitatu ndi zimene apu ikuloledwa kuchita pa deta ya bandulo. Mungathe kuiletsa kutsitsa magawo, zithunzi, ngakhale kuwerenganso mndandanda mpaka itapeza Wi-Fi. Fidi ya podikasiti ya magawo mahandiredi ambiri imafika ma MB angapo payokha, ndiye apu imene ikuyendera mafidi 20 kangapo pa tsiku imanyambita bandulo mwakachetechete.

Sabata imodzi, tiwerengere limodzi

Tiyerekeze mphunzitsi wa pa sukulu ya kumudzi kumene netiweki imagwira pa chulu pokha. Loweruka lililonse amapita pa boma, kumene amapeza Wi-Fi kapena netiweki yolimba. Amamvera pafupifupi ola limodzi pa tsiku, popita ndi pobwera ku ntchito, ndiye akufuna zomvera za maola 7. Foni yake ndi ya 16 GB, ndipo akalowa mu "Settings" n'kupita pa "Storage" akupeza kuti kwatsala 1.1 GB.

Malo onsewo sangawagwiritse ntchito. Android imafuna mpata woti izipumiramo, ndipo malo otsala akamatsikira ku 500 MB kapena kuchepera apo, foni imayamba kudandaula, mapulogalamu amakanika kudzikonza, WhatsApp imaleka kutsegula zithunzi, kamera nayo imatha kukana kujambula. Choncho 500 MB achotseretu m'mutu mwake ngati si yake. Yotsala ndi 600 MB, ndipo iyi ndiyo bajeti yake ya sabata.

Ali ndi podikasiti ya mbiri yakale ya magawo a mphindi 45, pa 128 kbps. Akatenga magawo 5, ndi 43 MB kuchulukitsa ndi 5, pafupifupi 216 MB, zomvera za maola 3 ndi mphindi 45. Palinso kucheza kwautali kwa maola awiri kumene wakhala akukufuna, 115 MB. Akuwonjezera timaphunziro ta Chingerezi ta mphindi 6, magawo 10, ola limodzi, 58 MB. Zonse pamodzi ndi 389 MB, za maola 6 ndi mphindi 45. Nanga nkhani za dziko? Apa nzeru ndi kutenga gawo limodzi lokha la tsikulo, 29 MB, loti amvere m'galimoto pobwerera. Nkhani za Loweruka palibe amene amazifuna Lachinayi, ndipo wailesi ilipo. Wafika pa 418 MB, watsala ndi 182 MB m'bajeti yake, malo okwanira zithunzi ndi mavoisi amene WhatsApp ilandire m'sabatamo.

Taonani mmene malowo amabwererera. Lolemba madzulo gawo limodzi latha ndipo lafufutika, 43 MB yabwerera. Pofika Lachisanu pafupifupi zonse zapita, ndipo Loweruka akufika pa boma foni ili ndi mpata wofanana ndi wa sabata yatha. Foni yotere ili ngati ndowa, osati chitsime: mumatunga za lero ndi mawa, mukagwiritsa ntchito mumakatunganso. Amene amavutika ndi aja amatsitsa magawo 30 tsiku limodzi chifukwa apeza Wi-Fi yaulere, n'kumasunganso amene amva kale poti mwina adzawabwereza.

Ngati mphunzitsiyu alibe Wi-Fi ndipo akudalira bandulo, 418 MB ija ndi deta imene alipire, chifukwa kukula kwa fayilo m'foni n'kumenenso kumachoka pa bandulo. Bandulo ya 500 MB ingakwane, koma mothina. Iyenera kukhala ya intaneti yonse. Mabandulo a WhatsApp kapena Facebook okha satsitsa podikasiti. Kumene kampani ya foni ikugulitsa mabandulo a usiku otsika mtengo, kutsitsa za sabata yonse usiku umodzi ndi njira yabwino. Ndipo pali mfundo imene anthu amaiphonya: kumvera gawo molunjika pa intaneti sikupulumutsa deta. Fayilo ndi yomweyo, ma MB ndi omwewo, kungoti mukafuna kulimvanso mudzalipiranso.

Musanachoke pamalo pamene pali netiweki, chitani mayeso amodzi. Yatsani "Airplane mode", mutsegule tsamba la "Downloads" mu apu, ndipo gawo lililonse mulilize, mulikankhire pafupi ndi kumapeto, mumve ngati likulira. Zimatenga mphindi ziwiri. Gawo limene likuoneka pa mndandanda wa podikasiti si umboni woti lili m'foni, pakuti mndandanda umaonetsa mitu yonse, yotsika ndi yosatsika yomwe.

Zimene zimalakwika nthawi zambiri zimadziwika ndi kukula kwa fayilo. Ngati fidi inati 43 MB koma chimene chatsika ndi 12 KB, simunatsitse mawu ayi. Kawirikawiri izi zimachitika pa Wi-Fi ya pa hotela, pa sukulu kapena pa ofesi imene imafuna kuti muyambe mwalowa pa tsamba lake. Foni imapempha fayilo ya mawu n'kupatsidwa tsamba lolowera lija. Tsegulani Chrome, mulowe, mutsitsenso. Ngati fayilo ndi 20 MB m'malo mwa 43 MB, yaduka panjira, ndipo idzalira bwinobwino mpaka pakati kenako zii. Apu ya mapodikasiti imayesa kupitiriza pamene inadukira, koma pa mapodikasiti olowetsa malonda aja kupitiriza kumatha kusokoneza zinthu, chifukwa fayilo ya ulendo wachiwiri si yofanana ndendende ndi yoyamba. Mukamva mawu akudumpha kapena chiganizo chikubwerezedwa, fufutani gawolo mutsitse kuyambira pachiyambi. Kutsitsa kukamaima nthawi iliyonse sikirini ikazima, wolakwa ndi chosungira batire cha foni, chimene chimapha mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo. Mu "Settings" muli malo ololeza apu imodzi kuti isamaphedwe, koma chophweka ndi kuika foni pa chaja n'kuisiya apu ili yotsegula. Ndipo pa netiweki yofooka muzitsitsa gawo limodzi pa nthawi. Magawo asanu otsika pamodzi amagawana kanjira kamodzi, ndipo netiweki ikaduka mumatsala ndi zidutswa zisanu m'malo mwa magawo awiri athunthu.

Apu ikanena 404, fayiloyo kapena fidi yonse yachotsedwa kapena yasamuka, ndipo muyenera kukatenga adiresi yatsopano pa tsamba la podikasiti. Ikanena 401 kapena 403, simukuloledwa. Izi zimaoneka kwambiri pa mafidi olipira. Fidi yolipira imakhala ndi mzere wautali wa zilembo zosokonekera m'adiresi yake, ndipo zilembozo ndi kiyi ya munthu mmodzi. Mukaitumiza m'gulu la WhatsApp, eni ake amatha kuitseka.

Memore khadi

Foni ikakhala ndi malo oika memore khadi, vuto lambiri latha. Khadi ya 8 GB imanyamula maola oposa 120 pa 128 kbps. Mukailowetsa, mafoni ena amafunsa ngati mukufuna ikhale yochotseka kapena ikhale gawo la foni. Sankhani yochotseka. Njira inayo, imene inabwera ndi Android 6.0 mu 2015, imamangirira khadi ku foni imodziyo, moti kompyuta kapena foni ina singaiwerenge, ndipo foni ikafa zonse za pa khadi zapita nayo. Kenako mu AntennaPod pitani pa "Choose data folder" musankhe khadiyo. Magawo amene mutsitse kuyambira pamenepo azipita kumeneko, koma amene munatsitsa kale amakhala pamene anali mpaka mutawamva n'kuwafufuta.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kudziwa. Apu imaika mafayilo m'foda yakeyake, pansi pa `Android/data/de.danoeh.antennapod`, ndipo mukachotsa apu m'foni foda imeneyi imapita nayo, ngakhale ili pa khadi. Kuyambira Android 11, mapulogalamu oonera mafayilo sakuloledwanso kulowa m'foda imeneyi mosavuta, ndiye gawo limene mukufuna kusunga kwa zaka musalisiye mmenemo. Litulutseni pogwiritsa ntchito "Share" ya mu apu, muliike m'foda yanuyanu. Chinthu china ndi makhadi achinyengo. Pamsika pamapezeka makhadi olembedwa 64 GB pa mtengo wokayikitsa, pamene m'kati muli malo ochepa kwambiri. Khadi yotere imalandira mafayilo osadandaula, koma malo ake enieni akadzadza, mafayilo amayamba kuonongeka. Chizindikiro chake n'choti dzina la fayilo likuoneka, kukula kwake kukuoneka kolondola, koma silira. Khadi yaing'ono ya m'sitolo yodziwika imaposa yaikulu ya pa mphasa.

Mungathenso kutsitsa popanda apu ya mapodikasiti. Tsegulani fidi mu Chrome, mugwiritse ntchito "Find in page" kufufuza mawu oti `enclosure`, mukope adiresi ili pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa, muitsegule pa tsamba latsopano, kenako mudine timadontho titatu ta pa choliza n'kusankha "Download". Ngati m'adiresiyo muli `&amp;`, musinthe kuti ikhale `&` yokha, apo ayi ikhoza kukana. Njirayi ndi yabwino pa gawo limodzi limene mukufuna kukaika pa khadi ya foni ya mabatani ya agogo, kapena pa wailesi yolandira khadi. Kuipa kwake n'koti fayilo imakagona m'foda ya `Download`, palibe chimene chimaifufuta, ndipo zoliza nyimbo zambiri sizikumbukira pamene munalekezera. Gawo la maola awiri kulifufuza pamene munasiyira ndi chala pa kasikirini kakang'ono ndi chintchito.

Kuchepetsa fayilo pa kompyuta

Amene amafika pa kompyuta, yawo kapena ya ku ntchito, ali ndi mwayi wina: kutsitsa fayilo kumeneko n'kuichepetsa isanalowe m'foni. Mapulogalamu awiri aulere, curl ndi ffmpeg, amachita ntchito yonseyi. Lamulo lotsitsira ndi ili:

```
curl -L -C - -o gawo112.mp3 "https://example.com/gawo112.mp3"
```

`-L` ndi yofunika chifukwa adiresi ya gawo nthawi zambiri imadutsa pa makompyuta owerenga omvera isanafike pa fayilo yeniyeni, ndipo popanda iyo mumatsala ndi kafayilo kopanda kanthu. `-C -` imauza curl kuti ipitirize pamene inadukira ngati netiweki inathawa. Fayilo ikatsika, muichepetse motere:

```
ffmpeg -i gawo112.mp3 -vn -ac 1 -c:a libopus -b:a 24k gawo112.ogg
```

`-vn` imataya chithunzi chimene chimakhala m'kati mwa fayilo, `-ac 1` imaphatikiza mawu a kumanzere ndi kumanja kukhala njira imodzi, ndipo `-b:a 24k` imatsitsa bitireti kufika 24 kbps. Opus ndi njira yopanikizira mawu imene imachita bwino kwambiri ndi mawu a munthu pa bitireti yotsika, ndipo ndi imene WhatsApp imagwiritsa ntchito pa mavoisi. Gawo la 43 MB lija limatsika kufika pafupifupi 8 MB. Maola 6 ndi mphindi 45 a mphunzitsi uja, amene anali 389 MB, amakwana mu 73 MB. Android imaliza Opus kuyambira pa Android 5.0, koma foni ya mabatani ndi wailesi ya khadi siziidziwa. Za zimenezo khalani pa MP3:

```
ffmpeg -i gawo112.mp3 -vn -ac 1 -c:a libmp3lame -b:a 48k laling_ono.mp3
```

Apa ola limodzi ndi pafupifupi 22 MB. MP3 mukaitsitsa kwambiri kuposa apa mawu amayamba kumveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Ndipo podikasiti ya nyimbo musaichite zimenezi, imaonongeka. Kumbukiraninso kuti kuchepetsa kumapulumutsa malo a m'foni okha. Deta yotsitsira fayilo yoyambayo yapita kale yonse. Mafayilo ochepetsedwawo aikeni m'foda imodzi pa foni kapena pa khadi, ndipo mu AntennaPod musankhe "Add local folder". Apu idzaitenga fodayo ngati podikasiti, n'kumakumbukira pamene munalekezera m'gawo lililonse.

Kodi n'zoyenera kuvutikira zonsezi? Kwa munthu amene ali ndi khadi yabwino, ayi, angotsitsa basi. Kuchepetsa kumapindulira amene foni yake ilibe poika khadi, kapena amene akupita kokhala mwezi wathunthu popanda netiweki.

Funso limene limatsala ndi loti ngati ndikufufuta zimene ndamva, ndidzazipezanso? Nthawi zambiri inde, chifukwa mutu wa gawo umakhalabe pa mndandanda ndipo mungalitsitsenso. Koma si mafidi onse amene amasunga magawo mpaka kalekale. Ena amaonetsa magawo aposachedwa okha, ndipo mapulogalamu ena a nkhani amachotsa gawo pakapita masiku owerengeka. Ndiye gawo limene lakugwirani mtima, kapena limene mukuphunzitsira, lisungeni pa khadi kapena pa kompyuta tsiku lomwelo, mulipatse dzina loti mudzalizindikire, chifukwa mafayilo ambiri amabwera ndi mayina a manambala okhaokha. Kusunga kotereku ndi kwa inu mwini. Mnzanu akaifuna podikasitiyo mutumizireni adiresi ya fidi, ndi mzere umodzi wa malemba, ndipo wopanga podikasiti amaona kuti omvera awonjezeka.

Mndandanda wa mapodikasiti anu onse nawonso ungasungidwe. Mu "Settings", pa "Import/Export" kapena "Backup & restore" malinga ndi mtundu wa apu, muli "OPML export", imene imalemba maadiresi a mafidi onse m'kafayilo kamodzi ka ma KB ochepa. Dzitumizireni pa imelo kapena mukaike pa khadi. Foni ikabedwa kapena ikafuna kufufutidwa yonse, mumalowetsa kafayiloka mu apu iliyonse yodziwa OPML ndipo mapodikasiti onse amabwerera. Mulibe mawu mmenemo, mulibenso chikumbutso cha magawo amene munamva kale. Amene akufuna zimenezo asankhe "Database export", imene imagwira mu AntennaPod mokha.